Holo yapatsidwa kwa ena, mwambo wasunthidwa: mafunso ndi mayankho pa kalata yopepesa

Mafunso awa amachokera kwa alembi ndi apampando a magulu athu muno mu Harare: amasosayete a maliro, amvano, makwaya, makomiti a ukwati ndi magulu a anthu ochokera boma limodzi kumudzi. Nkhani yake imakhala yofanana. Munabukitsa holo, munalipira dipoziti, anthu anagula matikiti, kenako kwatsala masiku ochepa mukumva kuti holo yomweyo pa tsiku lomwelo inalonjezedwanso kwa ena ndipo osuntha ndinu.

Olakwa ndi eni holo. Nanga ife tipepesa chiyani?

Mupepesa chifukwa anaitana anthuwo ndinu. Mayi wa ku Mufakose amene anapempha tchuthi kuntchito kuti abwere ku mwambo wanu sanapangane chilichonse ndi eni holo, mwinanso sakuwadziwa n'komwe. Anakhulupirira tsiku limene komiti yanu inalengeza, ndipo ndalama yake anapereka kwa msungichuma wanu.

Kupepesa sikutanthauza kuti mukuvomera kuti munasokoneza buku la holo ndinu. Mukupepesa chifukwa chimene munalonjeza sichichitika pa tsiku lake, ndipo anthu ataya nthawi, ena ndalama. Kalata yabwino imanena zonse ziwiri momveka: chimene chachitika, ndi kuti udindo wokonza zinthu kwa oitanidwa uli m'manja mwa komiti.

Tilembe nthawi yomweyo, kapena tidikire kaye mpaka tipeze tsiku lina?

Musadikire. Koma musalengezenso tsiku limene simunatsimikizire. Njira yake ndi kutumiza mauthenga awiri.

Woyamba upite tsiku lomwelo limene mwadziwa kuti mwambo sutheka. Ukhale waufupi: mwambo wa Loweruka suchitika, musapite kuholo, musagule tikiti ya basi, pepani kwambiri, kalata yonse ifika pofika Lachinayi madzulo. Ntchito ya uthengawu ndi kuletsa anthu kuwononga ndalama zina. Ola lililonse limene mwakhala chete, wina akukasoketsa chovala, wina akugula mphatso, wina akulipira woti amugwirire ntchito pa tsikulo.

Wachiwiri ndiyo kalata yeniyeni yopepesa, yokhala ndi tsiku latsopano ndi nkhani ya ndalama. Tsiku limene mwalonjeza kuti ifika, ifikedi. Ngati pofika Lachinayi tsiku latsopano silinapezeke, lembani kuti silinapezeke ndipo nenani tsiku lina lomwe mudzayankhule. Anthu amapirira kusuntha kamodzi, koma mukalengeza tsiku mothamanga n'kudzalisinthanso, ambiri sabweranso ndipo amayamba kufunsa za ndalama zawo mokayika.

Tisanalembe kalata, tikatenge chiyani kwa eni holo?

Pitani anthu awiri, wapampando ndi msungichuma, mutanyamula lisiti ya dipoziti. Choyamba funsani mmene vutolo linachitikira. Kawirikawiri zimakhala kuti holo ili ndi anthu awiri olandira mabukingi, wina muofesi wina pa foni, ndipo sayang'ana buku limodzi. Nthawi zina gulu lina linasungitsa tsikulo pakamwa kalekale n'kudzalipira zonse pambuyo, ndipo eni holo anakondera amene analipira zonse kusiyana ndi amene anangopereka theka. Mukadziwa chimenechi mudziwanso ngati holoyo mungaikhulupirirenso.

Chachiwiri, tsiku latsopano lilembedwe. Onani ndi maso anu kuti dzina la gulu lanu lalowa m'buku pa tsikulo, ndipo mulandire lisiti yatsopano kapena kalata yosainidwa yonena tsiku, ola loyambira, ola lotuluka ndi chipinda chake ngati malowo ali ndi zipinda zingapo. Mawu oti "musadandaule, tasunga" pa foni ndi omwe aja anakugwetsani m'vutoli.

Chachitatu, kambiranani za chipepeso chawo kwa inu. Si kupempha chifundo, chifukwa ndi iwo anaphwanya pangano. Mungapemphe kuti atsitse mtengo, kapena apereke mipando, zokuzira mawu ndi jenereta osalipiritsa. Jenereta musaiderere, poti magetsi a muno mukuwadziwa. Chimene mwapeza apa n'chimene chikuuzeni zimene mungalonjeze m'kalata yanu.

M'kalatamo mukhale zotani, ndipo chiyambe n'chiti?

Ambiri amawerengera kalatayi pa foni, ali m'kombi kapena pa ntchito, ndipo amangoona mizere itatu yoyamba. Choncho mukangopereka moni, nenani nkhani yake: mwambo wakuti suchitika tsiku lakuti, wasunthidwira tsiku lakuti, pamalo akuti, nthawi yakuti. Tsiku lililonse mulilembe ndi dzina lake la pamlungu, monga "Loweruka pa 26 Julaye". Mukangolemba "pa 26" wina aganiza za mwezi wina, ndipo mukangolemba "Loweruka likubwerali" uthengawo ukamapatsiranidwa patapita masiku tanthauzo limasintha.

Kenako pabwere kupepesa, kamodzi, ndi mawu athunthu. Pambuyo pake chifukwa chake m'ziganizo ziwiri. Ndiyeno zimene munthu angasankhe: tikiti yake igwirabe ntchito, kapena abwezeredwa ndalama, ndi mmene angachitire. Pomaliza, munthu mmodzi woti afunsidwe mafunso, ndi maina a osaina.

Pali mawu amene amaononga kalata yotere. "Chifukwa cha zovuta zina" amapangitsa anthu kuganiza kuti ndalama zadyedwa, ndipo m'magulu athu mphekesera imeneyi imathamanga kuposa kalata. "Ngati pali amene wakhumudwa" amamveka ngati mukukayika kuti pali wovutika, pamene mukudziwa bwino kuti alipo. Ndipo ndime yaitali yofotokoza mmene akomiti avutikira, osagona, akuyenda uku ndi uku, ngakhale ili yoona, imasandutsa kalata yopepesa kukhala kalata yopempha kuti akumvereni chisoni.

Mungatipatse chitsanzo?

Tiyerekeze kuti gulu la Amalawi linakonza chakudya chamadzulo chokumbukira ufulu wa Malawi, umene tsiku lake ndi 6 Julaye. Mwambo anauika Loweruka pa 5 Julaye, anagulitsa matikiti 160 pa madola 10 iliyonse, ndipo Lachiwiri pa 1 Julaye anamva kuti holo yapita kwa a ukwati. Uthenga waufupi unapita Lachiwiri lomwelo. Kalata ya Lachinayi ingakhale motere:

Amayi ndi abambo, abale ndi alongo,

Tikupereka moni kwa nonse. Tikukudziwitsani kuti chakudya chamadzulo chimene chimayenera kuchitika Loweruka pa 5 Julaye sichichitika tsiku limeneli. Chasunthidwira Loweruka pa 26 Julaye, muholo yomweija, kuyambira 2 koloko masana mpaka 8 koloko usiku.

Pepani kwambiri. Tikudziwa kuti ena munapempha kale tchuthi kuntchito, ena munakonza za ulendo, ndipo ena simutha kudzakhala nafe pa tsiku latsopanoli. Tinakuitanani ndife, ndipo tikupepesa ndife.

Chimene chachitika n'chakuti holo imene tinabukitsa ndi kulipira dipoziti inapatsidwanso kwa gulu lina pa tsiku lomwelo. Tinadziwa zimenezi Lachiwiri pa 1 Julaye. Tinafunsa malo ena atatu okwana anthu 160, koma onse anali otengedwa. Tsiku la 26 Julaye talitsimikizira, ndipo kalata yosainidwa ndi eni holo ili ndi mlembi.

Tikiti imene muli nayo idzagwira ntchito pa 26 Julaye, simufunika kuchita chilichonse. Ngati simutha kudzabwera, uzani msungichuma pofika Lachisanu pa 11 Julaye, ndipo madola 10 anu onse adzabwezedwa pofika Loweruka pa 19 Julaye, mwa njira yomwe munalipirira. Amene munagula kale tikiti ya basi kuchokera kunja kwa Harare, wapampando akuimbirani mlungu uno.

Chonde dziwitsani achikulire ndi ena amene alibe foni kuti asapite kuholo Loweruka lino. Mafunso onse apite kwa mlembi.

Ndife anu, wapampando ndi mlembi, m'malo mwa komiti yonse.

Taonani kuti chiganizo chonena za malo atatu aja chili ndi ntchito. Funso loyamba m'mutu mwa wowerenga ndi lakuti, bwanji osangopeza holo ina? Liyankheni asanafunse, koma pokhapokha ngati munafunsadi malowo.

Titchule dzina la holo ndi la munthu amene anasokoneza?

Dzina la munthu ayi, ngakhale mukumudziwa. Kalata imene yapita pa WhatsApp simungaibweze, idzafika kwa anthu amene simunawalembere, ndipo mwina simukudziwa nkhani yonse ya muofesi mwawo. Dzina la holo anthu akulidziwa kale chifukwa lili pa tikiti. Mulitchule pouza anthu kumene mwambo udzachitikire, osati poliika pa mlandu. Mawu akuti "inapatsidwanso kwa gulu lina" ndi oona ndipo akukwanira. Mawu ngati "anatibera" kapena "ndi akathyali" angakubweretsereni mlandu woipitsa mbiri, komanso ngati mukubwerera kuholo yomweyo, anthu omwewo ndi amene adzakutsegulireni chitseko.

Gulu limene latenga holo nalonso musalinene. Iwo anabukitsa monga munachitira inu.

Tsiku latsopano tilisankhe bwanji?

Pa zonse, apa ndi pamene makomiti amathamanga kwambiri. Eni holo akangonena kuti Loweruka lotsatira ndi lopanda munthu, mtima umafuna kuvomera pomwepo. Koma mlungu umodzi ndi wochepa kwa anthu athu ambiri. Wogwira ntchito ya m'nyumba kapena ya m'dimba ku Borrowdale, mlonda wa usiku, namwino wa mashifiti, onsewa sangapemphe tchuthi Loweruka ziwiri zotsatizana. Milungu itatu kapena inayi imapatsa munthu mpata wopemphanso. Mukapitirira miyezi iwiri, chidwi chimazirala ndipo opempha ndalama zawo amachuluka.

Musanavomere, imbirani anthu amene popanda iwo mwambo palibe: mlendo wolemekezeka, abusa kapena ashehe otsegula ndi pemphero, ophika, oimba. Kenako yang'anani kalendala ya kuno. Mu Ogasiti muli tchuthi cha ngwazi, Lolemba lachiwiri la mweziwo, ndi cha asilikali Lachiwiri lotsatira, ndipo anthu ambiri amachoka mu mzinda. Pa 18 Epulo ndi pa 22 Disembala ndi masiku a tchuthi a dziko lino. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi nyengo ya mvula, choncho ngati akukupatsani tenti panja m'malo mwa holo, ganizani kawiri. Mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira kwambiri, ndipo achikulire ochokera ku Epworth kapena ku Chitungwiza safuna kudikira kombi mu mdima, n'chifukwa chake m'chitsanzo chija mwambo ukutha 8 koloko.

Kumbukiraninso kuti gulu lathu ndi losakanikirana. Muli a CCAP ndi Akatolika amene Lamlungu m'mawa ali kutchalitchi, Asilamu amene Lachisanu masana ali ku mzikiti, ndi a Sabata amene Loweruka masana sapezeka. Ngati mwambo unali Loweruka, usiyeni Loweruka, chifukwa amene anagula tikiti anavomera kale tsiku lotero.

Kodi tiyenera kubweza ndalama za matikiti? Zina tagwiritsa kale ntchito.

Amene satha kubwera pa tsiku latsopano abwezeredwe zonse. Anagula tikiti ya pa 5 Julaye, osati ya tsiku lililonse limene komiti ingasankhe. Musamudule kanthu, ndipo ndalama zimene zimadulidwa potumiza pa EcoCash kapena InnBucks zilipidwe ndi gulu, kuti iye alandire zokwanira. Bwezani ndalama ya mtundu womwewo: wolipira madola a ku America alandire madola, wolipira ZiG alandire ZiG. Mukasintha mtundu, mkangano wa mtengo wosinthira umayamba, ndipo aliyense ali ndi mtengo wake. Ngati mukubweza pamanja, konzeranitu ndalama zing'onozing'ono zosang'ambika ndipo wolandira asaine m'buku.

Tsiku lomaliza lopempha kubwezeredwa limathandiza komiti, si nkhanza. M'chitsanzo chija gulu linatolera madola 1,600. Tiyerekeze kuti pofika pa 11 Julaye anthu 25 anena kuti sabwera. Msungichuma akudziwa tsopano kuti afunika madola 250 obweza, ophika akudziwa kuti mbale ndi 135, ndipo matikiti 25 aja angagulitsidwenso m'milungu iwiri yotsalayo. Popanda tsiku lomaliza, zonsezi zimadziwika pakhomo la holo.

Ngati ndalama zili kale kwa ophika ndi eni holo, musalonjeze tsiku lobweza limene simungakwanitse. Msungichuma awerengere kaye zimene zili m'thumba kalata isanatuluke. Ndi bwino kulemba kuti mudzabweza patatha mlungu umodzi mwambo utachitika, n'kunena chifukwa chake, kusiyana ndi kulonjeza mawa n'kumazimitsa foni. Imbiraninso ophika tsiku loyamba lomwelo, asanagule nkhuku ndi ndiwo zamasamba ku Mbare Musika, chifukwa zimenezo zikagulidwa sizidikira milungu itatu.

Ena adzanena okha kuti ndalamayo isabwezedwe, ikhale chopereka ku gulu. Zikomo kwa iwo, koma musazipemphe m'kalata yopepesa. Wosauka amene akufunadi madola 10 ake adzachita manyazi kuwafunsa.

Nanga amene anagula kale tikiti ya basi, kapena ali kale m'njira?

Awa kalata yokha siwakwanira, aimbireni mmodzimmodzi, ndipo muyambe ndi iwo uthenga woyamba uja usanapite ku gulu lonse. Munthu wochokera ku Blantyre, wodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, amakhala pa msewu tsiku lathunthu ndipo amadutsa zipata za mayiko atatu. Wochokera ku Bulawayo, ku Kadoma kapena ku mafamu ndi migodi ya ku Bindura nayenso wataya zambiri kuposa mtengo wa tikiti ya mwambo.

Lembani maina awo, nthawi zambiri sachuluka. Funsani aliyense zimene walipira ndiponso ngati kampani ya basi ingasinthe tsiku. M'kalata ya onse musalembe kuti "tibweza zonse zimene mwawononga", chifukwa simudziwa kuchuluka kwake ndipo mawuwo adzakumangani. Lembani kuti mulankhula nawo, ndipo mulankhuledi. Zimene mwapeza kwa eni holo, monga tafotokozera pa funso lachitatu, zipite kaye kwa anthu amenewa. Amene wafika kale mu Harare, gulu limupezere pogona ndi chakudya, ndipo akuluakulu a komiti akamuone pamaso.

Kutumiza pa gulu la WhatsApp n'kokwanira?

Ayi. Pa gulu la anthu ambiri kalata imakwiririka ndi mauthenga ena pakangotha ola, ndipo ena amayatsa intaneti mwa apo ndi apo chifukwa cha mtengo wa mabandulo. Ikani kalata pa gulu, koma muitumizenso kwa aliyense wogula tikiti payekha. Ilembeni ngati mawu wamba, osati chithunzi kapena PDF, chifukwa zimenezo ena satsegula. Chithunzi chakale chotsatsa mwambo chichotseni ndipo mutulutse china chokhala ndi tsiku latsopano, apo ayi chakalecho chizingozungulirabe.

Kwa agogo amene sawerenga bwino, wapampando ajambule mawu ake akuwerenga kalatayo. Pemphani kuti ilengezedwe ku mapemphero a pakati pa mlungu ndi ku msonkhano wa sosayete. Amene anagulitsa matikiti, aliyense abwerere kwa amene anawagulitsa, chifukwa ndi iye akudziwa kumene amakhala ku Mbare, Highfield, Mabvuku kapena Dzivarasekwa.

Tilembe m'chinenero chanji?

M'Chichewa, ndi ina ya Chishona kapena Chingerezi yonena zofanana ndendende. Ana ndi zidzukulu obadwira kuno ambiri amamva Chichewa koma amawerenga msanga Chishona, ndipo nthawi zambiri ndi iwo amagwira foni ya agogo. Munthu mmodzi ayerekeze makalata onse asanatumizidwe, kuona kuti masiku, maola ndi ndalama zikufanana.

Asaine ndani? Nanga abusa ndi mlendo wolemekezeka timawatumizira kalata yomweyi?

Asaine wapampando ndi mlembi, ndi maina awo. Kalata yongoti "akomiti" imaoneka ngati aliyense akubisala kumbuyo kwa mnzake.

Abusa, ashehe, akuluakulu a sosayete ndi mlendo wolemekezeka asamve nkhaniyi pa gulu. Wapampando awaimbire kapena apite yekha, apepese, afunse ngati tsiku latsopano likuwayenera, kenako kalata yolembedwa dzina lawo itsatire. Ngati mwambo ndi ukwati kapena chinkhoswe, oyamba kumva ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo kalata ituluke iwo atagwirizana.

Wina wayankha mokwiya pa gulu. Timuyankhe pomwepo?

Muyankheni kamodzi, mwaulemu, munthu mmodzi wa komiti: "Bambo, mwanena zoona kuti takuvutitsani, pepani, ndikuimbirani madzulo ano." Ndiyeno muimbireni. Akomiti asanu akayamba kudziteteza aliyense ndi mawu ake, nkhani imasiyana ndipo okayika amachuluka. Ngati funso lake ndi la ndalama, msungichuma aike poyera zimene zatoleredwa, zimene zalipidwa ndi zimene zatsala, ndi malisiti ake. Musamuchotse pa gulu.

Pa tsiku lakale lija tichite chiyani?

Ngakhale mutayesetsa bwanji, ena adzafikabe. Anthu awiri a komiti akaime pafupi ndi chipata cha holo kuyambira ola limodzi nthawi yoyambira isanakwane mpaka patadutsa maola awiri, atanyamula makalata osindikiza, mndandanda wa ogula matikiti ndi ndalama pang'ono ya kombi ya achikulire. Dziwitsani eni holo kuti mudzakhala pamenepo, ndipo muime moti musasokoneze mwambo wa anzanu. Mayi wokalamba amene wavala chitenje chake chatsopano n'kupeza ukwati wa anthu osawadziwa, popanda nkhope ya kwawo pakhomo, sadzaiwala msanga.

Chiwerengero cha ofika tsikuli chikuuzaninso ngati kalata inayenda. Akafika awiri atatu, inafika kwa anthu. Akafika makumi awiri, pali dera kapena wogulitsa matikiti amene uthenga unaima pa iye, ndipo mufunika kumupeza musanatumize chikumbutso.

Pafunikanso kalata ina mwambo usanachitike?

Chikumbutso chachifupi chipite kutatsala mlungu umodzi, china kutatsala tsiku limodzi. Musanatumize chilichonse mwa ziwirizi, wina apite kuholo akaonenso buku lija. M'chikumbutso musabwereze kupepesa konse, ingonenani tsiku, ola, malo, ndi kuti obwezeredwa onse alandira, ngati alandiradi. Pa mwambo penipeni wapampando apepese mwachidule potsegula, athokoze amene anasintha mapulani awo, n'kupitiriza pulogalamu.

Eni holo akukana kubweza dipoziti ndipo ife tapeza malo ena. Tinene zimenezi m'kalata?

Ayi, imeneyo ndi nkhani ya komiti ndi eni holo, ndipo kubweza ndalama za oitanidwa kusadikire kuti ithe. Alembereni kalata yapadera yonena tsiku limene munabukitsa, ndalama imene munalipira, nambala ya lisiti, tsiku limene anakuuzani za vutolo, ndi tsiku limene mukufuna ndalamayo itabwezedwa. Sungani mauthenga onse a pa foni. Zimbabwe ili ndi lamulo loteteza ogula la 2019, komanso khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama limene munthu amapita popanda loya, ndipo konseko chimene adzayambe kufunsa ndi lisiti ndi mauthenga olembedwa. Mamembala a gulu muwafotokozere za nkhaniyi pa msonkhano wotsatira, pamodzi ndi lipoti la msungichuma.